Ana Awiri Padenga Limodzi

Moni nonse owerenga, abale ndi alongo anga mwa Ambuye. Ndikuthokoza Mulungu amene wandisungira mpweya mpaka lero, ngakhale kuti mpweya womwewo ndinauchimwitsa. Ndikuthokozanso inu amene mwapatula nthawi kuti mumve nkhani ya munthu amene simukumudziwa. Musathamangire kundikonda, komanso musathamangire kuweruza mng'ono wanga. Muyambe mwafika kumapeto.

1

Ntchito yanga ndi yoika mawu a chinenero chathu m'makanema ochokera kunja. Wailesi ya kanema ikagula kanema, imatumiza ku kampani yathu yaing'ono. Ine ndimamasulira, n'kuyeza kuti mawu akwanirane ndi milomo ya wosewera, chifukwa munthu akatsegula pakamwa kawiri sungamulongedze chiganizo chonse. Tikatero timalowa m'kachipinda komatidwa masiponji, mahedifoni kumakutu, maso pa kanema, n'kumalankhula m'malo mwa anthu amene sitidzawaonapo.

Mawu a ngwazi amakhala anga. Mawu a adani amakhala a mng'ono wanga, mzime wa kwathu. Pantchito ine amanditcha Abusa, poti ndine mkulu wa mpingo ndipo sindiyatsa maikolofoni ndisanapemphere. Iye amamutcha Mdyerekezi Waganyu, ndipo dzinalo amalikonda. Kuseri kwa galasi kumakhala mayi wina wolumikiza mawu ndi zithunzi, amenenso amayang'anira ntchito yonse. Timawatcha a Sizasi.

"Abusa, mwamaliza kudalitsa mawaya?" mng'ono wanga ankatero. "Ena tili ndi mizinda yoti tigumule."

Tili ana, amayi atangomwalira, bambo anatitengera ku depoti ya basi. Anatikhazika pa benchi, n'kuika dzanja la mng'ono wanga m'dzanja langa.

"Umugwire mwanayu, usamusiye. Ndikubwera."

Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina wogulitsa zipatso ndi amene anatitengera ku polisi, ndipo azakhali ndi amene anatilera. Bambo anali atakwera basi ndi mkazi wina.

Chaka chatha anthu achifundo anawabweretsa pakhomo panga, atakalamba, matenda a shuga atawathera maso. Mkazi uja anali atawataya. Ndinawalandira. Ndinawapatsa chipinda chakuseri, ndinkawasambitsa, ndipo masana aliwonse ndinkachoka kuntchito kukawabaya jakisoni ndi kuwadyetsa, poti mkazi wanga amakhala ku shopu yake yosoka. Kutchalitchi dzina langa linalowa mu ulaliki. Ankati onani mwana amene akulemekeza kholo losayenera ulemu.

Mng'ono wanga anakana kuponda pakhomo. "Bambo anga ine anakwera basi," anatero. "Amene muli nawowo ndi anu."

Koma tsiku lina tikupinda mawaya, anafunsa osandiyang'ana, "Achimwene, kodi mdala uja amanditchula?"

"Ayi," ndinayankha. "Sanakutchulepo."

Anaseka pang'ono, n'kupitiriza kupinda.

2

Kenako kunabwera kanema wa ngwazi zouluka, zija zovala zovala zothina. Ngwazi yake tinaitcha Ndabwera, chifukwa ikafika pamalo a ngozi mawu ake oyamba anali amenewo. Inali ndi makutu odabwitsa. Munthu akalira kulikonse mumzinda, iyo inkamva n'kuulukira komweko. Mdani wake tinamutcha Chete. Iye ankapha mafoni, mabelu a ngozi ndi mawailesi a opulumutsa anthu, ndipo cholinga chake chinali chakuti mzinda wonse ufuule popanda womva.

Kanemayo amayamba ndi chigumula. Damu laphulika, ndipo kamnyamata kali padenga, kakukuwa. Helikopita ikudutsa pamwamba pake, woyendetsa akukaona, koma akupitirira kukatenga anthu olemera a kumpanda. Madzi akhudza mawaya a magetsi, ndipo m'menemo kamnyamatako kakupeza mphamvu zake. Ameneyo ndi Ndabwera.

Pakati pa kanema chigumula chija amachionetsanso, koma kamera yabwerera m'mbuyo. Padenga paja panali ana awiri. Winayo ndi Chete.

Panalinso gawo lina. Woyendetsa helikopita uja, tsopano nkhalamba, wapanikizidwa m'nyumba yogumuka ndipo akuitana. Ndabwera akumumva, akuzindikira mawu ake, akuima m'mlengalenga kanthawi, kenako akutembenuka n'kuulukira kwina. Chete akuona zonsezo.

Kanemayo anali wautali kuposa nthawi imene wailesi inatipatsa, ndipo wosankha podula ndinali ine.

"Dulani denga lachiwirilo, mudulenso za nkhalambayo," ndinauza a Sizasi.

"Abusa, mwaganiza bwino? Bwanji osadula kumenyana kwa pa mlatho kuja? N'kwautali ngati ulaliki wa mlendo."

"Ana amakonda zibakera. Ndiponso sitingaonetse ngwazi ikusiya munthu akulira. Tiwaphunzitsa chiyani ana?"

Mawu a Chete ndinawasinthanso. Pamene ankanena za denga, ndinamulembera zofuna kulamulira dziko. Mng'ono wanga anawerenga pepala lake n'kukwinya nkhope.

"Munthu uyu maso ake akulira, inu mukuti ndinene zofuna mpando?"

"Woipa ndi woipa. Sitimufunira zifukwa."

"Chabwino, Abusa. Ine ndi waganyu."

Anawanena mawuwo, koma anali ouma ngati chikuni.

3

Lachitatu lina masana, foni yanga inalira ndili pa msewu wobwerera kuntchito. Anali mkazi wanga, akupuma mwabefu.

"Muli kuti? Bwererani msanga! Alamu anali muno!"

Anali atabwerera kunyumba kudzatenga nsalu ya kasitomala imene anaiwala. Akudutsa pansi pa windo la chipinda cha bambo, anamva mawu a mng'ono wanga, okhuthala, onyoza, omwe aja amene ana amawaopa pa kanema. Mawuwo ankati: "Mukuitana ndani? Ifenso tinaitana. Mufera m'chipinda muno ngati galu, ndipo ine sindidzakukhululukirani."

Mantha anamugwira, ndipo anathamanga kukaitana oyandikana nawo nyumba. Pobwerera anapeza chitseko chakuseri chili pululu, bambo ali okha, misozi ikutsikira m'makutu.

"Apongozi, anabwera ndani?" anawafunsa ine ndili pomwepo.

Bambo anapukuta misozi. Kenako anati, "Mwana wanga."

"Aka n'koyamba?"

"Amabwerabwera."

Mkazi wanga sanadikire. Anakwera njinga yamoto mpaka ku situdiyo, ine ndikutsatira pambuyo. Anamupeza mng'ono wanga akutsuka kapu yake ya tiyi.

"Alamu, mulibe manyazi? Nkhalamba yosaona! Ufiti wa m'kanema mwayamba kuutengera kunyumba za anthu?"

"Alamu, mukunena chiyani? Ine kwanu sindinapondeko chibwerere mdala uja."

"Ndakumvani ndi makutu angawa! Mawu anu ndingawasokoneze ndi a ndani? Masana ano munali kuti?"

Analibe mboni. Nthawi ya nkhomaliro iye amakonda kuyenda yekha, ndipo palibe anamuona. Anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, inu mukukhulupirira zimenezi?"

Ndinayang'ana pansi. "Mkazi wanga sanama," ndinatero.

Nkhani inafala ngati moto wolusa. Azakhali, amene anatilera, anamuimbira foni akulira, n'kumuuza kuti pa maliro awo asadzafike. Mtsikana amene ankafuna kumanga naye banja anayamba kusayankha foni. Kutchalitchi anthu ankandigwira dzanja, akuti, "Limbani mtima, m'mimba ndi nchipala, mumatuluka nkhosa ndi mimbulu yomwe." Ine ndinkavomera ndi mutu, kenako n'kuyambitsa nyimbo.

Sabata yomweyo dokotala anati impso za bambo zatopa ndipo masiku awo ndi owerengeka. Mkazi wanga anaika loko watsopano pa chitseko chakuseri.

"Afe mumtendere," anatero. "Alamu asadzayandikirenso."

4

Wailesi ya kanema inatibwezera kanema uja. Inati mathero ake sakumveka. A Sizasi anatiitana tonse awiri, ngakhale kuti sitinkalankhulana, n'kutikhazika kutsogolo kwa kompyuta.

"Onani apa," anatero. "Kumapeto Ndabwera wamugonjetsa Chete, wamupana pakhosi. Kenako akumusiya, akugwada, akulira, akumunyamula. Akupita naye kukakumba nkhalamba imene woonera sanaionepo. Akuluakulu akufunsa kuti nkhalambayi yachokera kuti, ndipo ngwaziyi ikulira chiyani. Ndiwayankhe kuti chiyani, Abusa?"

"Muwauze kuti ndi chifundo cha ngwazi."

Mng'ono wanga anaseka mowawa. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene sakugona bwino.

"Si chifundo chimenecho. Ine adani ndawalankhulira zaka zambiri, ndikuuzeni mmene amawapangira. Wolemba wanzeru sapita kutali kukafuna mdani. Amatenga bala la ngwazi yomweyo, n'kulipatsa munthu wina. Awa onse anali padenga limodzi. Onse anaitana, onse sanayankhidwe. Bala ndi limodzi, chosiyana ndi lumbiro. Uyu analumbira kuti palibe adzaitanenso osayankhidwa. Uyo analumbira kuti onse adzalawe kuitana osayankhidwa. Mukachotsa denga lachiwiri lija, Chete asanduka wamisala chabe, ndipo Ndabwera asanduka chidole chouluka."

"Komabe winayo ndi wabwino, winayo ndi woipa," ndinatero.

"Zochita za Chete n'zoipa, sindikukana. Dandaulo lake ndi loona, mankhwala ake ndiwo poizoni. Koma wabwino wanuyo mwamuyang'anitsitsa? Sagona. Alibe mnzake. Opulumutsa anthu ena akafuna kuthandiza amawakankha, chifukwa sakhulupirira kuti pali wina angabwere. Akuoneka ngati akupulumutsa mzinda, koma tsiku lililonse akubwerera padenga paja kukadzitenga yekha. Ndiye onse awiri akufuna chinthu chimodzi. Akufuna kuti woyankhidwa ndi wosayankhidwa azisankhidwa ndi iwo."

A Sizasi anabweza kanema m'mbuyo. "Ngakhale ojambula akunena zomwezo popanda mawu. Chovala cha Ndabwera n'choyera, mzere wakuda pachifuwa. Cha Chete n'chakuda, mzere woyera. Padenga paja wina wakhala kumanja, wina kumanzere, ndipo akakumana atakula amaima chimodzimodzi. Tamverani nyimbo. Ya Chete ndi yomwe ija ya Ndabwera, angoichedwetsa n'kuitsitsa. Nanga apa?"

Anaimitsa chithunzi. Ndabwera anali kunja kwa windo lalikulu, Chete ali mkati, ndipo pa galasipo nkhope zawo zinagwerana n'kukhala imodzi.

"N'chifukwa chake za nkhalamba zija simungazidule," mng'ono wanga anapitiriza. "Mdani ntchito yake si kumenya ngwazi. Ntchito yake ndi kunena mokweza zimene ngwazi ikubisa, ndi kuchita poyera zimene ngwazi imalakalaka mumtima. Tsiku limene Ndabwera anamva nkhalamba ija n'kutembenuka, anakhala Chete kwa munthu mmodzi. Ndiye zibakera sizingathetse nkhondoyo. Akamupha Chete, bala likhalapobe, ndipo mawa Chete watsopano adzatuluka m'chovala choyera. Apambana pokhapokha atavomera kuti nayenso akadali padenga."

Ndinachotsa maso pa chithunzi chija.

"Tibwezeretsa zonse," a Sizasi anagamula. "Mlatho ndiwo udulidwe. Mawu enieni a Chete tijambula mawa, Lachisanu kanema apite."

Mng'ono wanga anaimirira n'kutenga jekete lake. "Mupeze waganyu wina. Dziko lonse lati ndine Chete weniweni. Sindingalowenso m'kachipinda kamodzi ndi munthu amene anayang'ana pansi."

5

M'mawa mwake sanabwere. A Sizasi anaimba foni kangapo, osayankhidwa. Dzuwa litafika pamutu anati apite akamufune kumene amakhala.

Ndinatsala ndekha. Ndinali nditamasuliranso mawu a Chete monga analili, ndipo pepala linali m'manja mwanga. Ndinadziuza kuti ndikungofuna kupulumutsa ntchito, kuti kanema apite Lachisanu. Ndinayatsa makina, ndinalowa m'kachipinda, ndinavala mahedifoni. Tsiku limenelo sindinapemphere.

Ndinatsitsa chibwano, ndinakankhira mawu kukhosi, n'kuwasiya akhulike pang'ono pa mapeto a liwu lililonse. M'makutu mwanga munamveka mng'ono wanga.

"Unamumva, Ndabwera. Ndinakuona utaima m'mwamba. Ine ndatseka makutu a mzinda wonse, ndipo akunditcha chilombo. Iwe unatseka ako kwa munthu mmodzi, ndipo akukuimbira nyimbo. Tasiyana pati? Vula chovalacho, m'bale wanga. Ukununkhabe matope a tsiku lija."

Milomo ya Chete inatsekeka pa kanema, koma yanga sinatsekeke. Mawu ankangotuluka.

"Munati ndikubwera. Munati ndimugwire dzanja. Ndinamugwira mpaka dzanja kuchita dzanzi! Ankalira njala, ine ndinkamunamiza kuti mwapita kukagula mabanzi. Lero mukuitana ndani? Mukuitana mzime? Amene anagwira dzanja uja simukumuona?"

Nditakweza maso, kuseri kwa galasi kunali munthu. Mng'ono wanga anali ataima pa malo a a Sizasi, jekete lili paphewa, hedifoni imodzi ataigunditsa kukhutu. Anasemphana nawo pa njira. Anali atabwera kudzamaliza ntchito yake, poti ngakhale akwiye chotani sanasiyepo kanema pakati. Nyali ya m'kachipinda inaponya nkhope yanga pa galasi, pamwamba pa yake.

Anadina batani lolankhulira.

"Pitirizani, achimwene. Mukundikhoza bwino."

6

Abale anga, apa ndiye pamene ndakhala ndikuzengereza kufika. Mawu amene mkazi wanga anamva pa windo anali anga.

Luso limeneli ndinaliphunzira tili ana. Azakhali akaitana mng'ono wanga iye atazemba kukasewera, ndinkayankha m'mawu ake kuti asakwapulidwe. Titakula ndinalisiya, ndipo ankalidziwa ndi iye yekha.

Bambo atabwera, tsiku lililonse ankafunsa, "Kodi mzime abwera liti?" Ine ndikuwasambitsa, iwo akufunsa za mzime. Ine ndikuwapukuta, iwo akufunsa za mzime. Mkazi wanga ndinamuuza kuti tisamuvutitse mlamu wake ndi zimenezi, iyenso ndinamuuza kuti satchulidwa. Ndiye masana ena, nditawabaya jakisoni, ndinatsanzika, ndinatseka chitseko, ndinaima pakhonde pang'ono, n'kutsegulanso. Ndinalowa ngati mng'ono wanga. Zonse zimene mkulu wa mpingo sangazinene, Mdyerekezi Waganyu anazinena. Ndinatuluka mtima uli myaa, ndipo madzulo ake ndinatsogolera mapemphero a pabanja. Ndinati sindidzabwerezanso. Ndinabwereza.

Mng'ono wanga analowa m'kachipinda muja n'kutseka chitseko. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Maganizo amenewa anandibwerera," anatero. "Ndinawathamangitsa. Ndinati ayi, achimwene ndi munthu wa Mulungu, amene anandigwira dzanja. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, mwina ndinapitako mutu utasokonekera."

"Ndikhululukire."

"Musathamangire kumeneko, si kanema uyu. Azakhali andikana. Mkazi amene ndimati ndimukwatire akundiopa. Inu munali pomwepo alamu akundilalatira, n'kuyang'ana pansi." Anapuma. "Ndiyankheni chimodzi. Amanditchula?"

"Tsiku lililonse."

Anakhala pansi penipeni, msana utatsamira masiponji, n'kuphimba nkhope. Munthu amene amaseka ngati bingu m'makanema ankalira ngati kamwana ka pa benchi kaja.

"Ine ndimadana nawo poyera," anatero atapukuta maso. "Inu mumadana nawo ndi sopo ndi thaulo. Nanga bwanji simunangonena ndi pakamwa panu?"

"Anthu akanati chiyani? Ine ndine wabwino uja."

"Ndiye munafuna woipa woti akusenzereni. N'chifukwa chake munadula denga lija." Anaimirira. "Tiyeni. Mukanene m'mawu anuanu, alamu ali pomwepo."

7

Tinadzera ku shopu. Ndinamuuza mkazi wanga zonse, makina osokera ali chiimire, nsalu ili pansi pa singano. Sanakuwe. Anandiyang'ana ngati mlendo.

"Ndinatukwana munthu wosalakwa pamaso pa anzake chifukwa cha inu," anatero. "Ndinagula loko ndi manja anga, chikhalirecho wozunza apongozi ndikugona naye chipinda chimodzi." Anatembenukira kwa mng'ono wanga n'kugwada pa simenti. "Alamu, pepani."

"Dzukani, alamu. Makutu anu sananame. Ngakhale ine ndikanadzimangitsa."

Bambo tinawapeza ali maso, atatsamira mapilo, miyendo itatupa. Ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndine chisamba wanu. Ndabwera kudzaulula. Amene ankabwera masana kudzakunyozani uja sanali mzime. Ndinali ine."

Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa.

"Ndimadziwa," anatero.

Ndinakweza mutu n'kuwayang'ana.

"Maso ndiwo anafa, mphuno ndi makutu zilipo. Munthuyo ankanunkhira mankhwala aja umapukutira pobaya jakisoni. Bondo lake lakumanzere linkalira ngati lako. Ndipo tsiku lina, atatha kunditukwana, bulangete linali litagwa. Analitola n'kundifunditsa mpaka m'mapewa, n'kupinda m'mphepete. Wopinda choncho ndi mmodzi."

Ndinakumbukira kholo lakhungu lija la m'Malemba limene linapapasa manja a mwana wake, mawu ndi manja zitasemphana. Lija linanyengeka. Bambo anga sananyengeke.

"Nanga bwanji simunanene, apongozi?" mkazi wanga anafunsa.

"Ndinati mwana wanga, ndipo sindinaname. Za mlandu wogwera mzime palibe anandiuza, ndikanalankhula. Koma uyu ndikanamuulula bwanji? Chibwerere changa wakhala akundipatsa zonse, chakudya, mankhwala, mavesi. Koma sanandifunsepo kuti bambo, munatisiyiranji. Ankandisamala ngati mlendo wa kuchipatala. Nthawi yokhayo imene mwana wanga ankalankhula nane inali imeneyo. Zinkapweteka, koma ndinkaziyembekezera."

"Nanga bwanji munkangofunsa za mzime?" Funsoli linatuluka m'mawu angaanga.

"Chifukwa iwe unalipo. Ndinkaopa kukufunsa za iwe. Ndinakusenzetsa katundu wa munthu wamkulu uli kamwana, n'kuthawa. Ndilibe chifukwa chabwino choti ndikupatse. Ndinali wamantha ndi wodzikonda, basi. Ndinakulakwira, chisamba wanga."

Mng'ono wanga anali chiimire pakhomo. Anakhosomola.

"Ndani ameneyo?" bambo anafunsa.

"Ndine, mdala. Weniweni."

Bambo anatambasula dzanja linalo. Iye anazengereza, kenako anayandikira, koma sanagwade.

"Sindinabwere kudzanena kuti zatha," anatero. "Sizinathe. Koma galu sindinakutchenipo, ndipo simufa nokha."

"Zandikwanira," bambo anayankha.

Anatenga dzanja lake ndi langa. Ndinaganiza kuti aziphatikiza ngati pa depoti paja. Sanatero. Anagwira lililonse palokha, lina kumanja, lina kumanzere, ndipo sanazisiye mpaka tulo tinawatenga.

8

Kanema anapita Lachisanu, denga lili ndi ana ake awiri. Mawu a Chete anajambula mwini wake, ndipo a Sizasi akuti sanamvepo akulankhula choncho. Zimene ndinajambula ine anazifufuta, atatha kundiuza kuti ndikadzabwerezanso adzandidula ngati mlatho.

Bambo anamwalira mwezi usanathe, m'mawa, tonse awiri tili pomwepo. Lamulungu lotsatira ndinaima kutsogolo kwa mpingo umene unkandiyamikira, n'kunena zimene mwawerengazi. Udindo ndinatula. Azakhali ndinapita kukawauza ndekha, ndipo anandifunsa kuti, "Kodi ndinalera ndani?" Mtsikana uja anamva zoona, koma sanabwerere. Anati banja lathu lamuopsa. Chimenecho ndi chinthu chimene ndinamuphwanyira mng'ono wanga, ndipo sindingachikonze. Mkazi wanga tikadali limodzi, koma nthawi zina ndikamuitana kuchokera kuchipinda china, amabwera kudzaona ndi maso kuti ndine.

Mng'ono wanga amabwera kudzadya nafe. Sanandiuzebe kuti wandikhululukira, ndipo sindimukakamiza. Posachedwapa kunabwera kanema wina, ndipo anandiponyera pepala la mdani.

"Tengani, Abusa. Luso muli nalo. Ine ndiyeseko kuuluka."

Owerenga okondedwa, ana anu akamaonera makanema amenewa, khalani nawo pansi. Mdani akayamba kulankhula, mvetserani chimene chikumupweteka, kenako muyang'ane ngwazi. Nthawi zambiri mudzapeza kuti akulira maliro amodzi. Mukatero mudzifunse za m'banja mwanu. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wabwino wake ndi woipa wake, ndipo tinawagawira maudindowo kalekale. Amene mumamutcha wovuta uja, kodi sakunena mokweza zimene inu mumameza? Ine ndinali mwana wamkulu wa m'fanizo lija, amene sanachoke pakhomo koma mtima wake unali kutali kuposa wa wolowerera. Ndinkaimba nyimbo za chikhululukiro ndi mawu okoma, bala likuwola pansi pa jekete. Mulungu sachita manyazi ndi kulira kwathu, ngakhale kulira kwaukali. Chimene sangachize ndi bala limene tikulumbira kuti ndi la wina.

Ambuye amene amamva woitana ali padenga, pa benchi, kapena m'chipinda chakuseri, amve kuitana kwanu. Akupatseni kulimba mtima kolankhula zowawa zanu m'mawu anuanu, nthawi ikadalipo. Asunge makolo anu, ana anu ndi abale anu, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.